Kugula miyezi ya ukalamba: masamu a mnyamata wa ku Mpingwe amene malipiro ake amayendera nyanja



Ambiri a ife tili ndi mwana, mphwathu kapena mdzukulu amene adakwera basi kupita ku Limbe kukasaka riziki. Ifenso tili naye. Ndi mwana wa mlongo wathu, wa zaka 25, ndipo amachita lendi chipinda chimodzi ku Mpingwe, m'munsi mwa phiri. Ntchito yake ndi yolandira usipa ndi utaka wouma wochokera ku Mangochi, n'kumagulitsa mu msika wa Limbe. Alibe bwana, ndiye tsiku la malipiro alibenso. Nyanja ikapereka, naye amapeza. Mwera ukawomba, amakhala manja ali m'thumba.

Titapita kukamuona, tidampeza ali ndi nkhawa. Mkulu wina amene adagwira ntchito yonyamula katundu mumsikamo kwa zaka zambiri adali atabwerera kumudzi msana utakana, ndipo anzake adachita kumusonkhera ya basi. Mphwathuyo adatifunsa mosapita m'mbali: "Amjomba, ine ndizisunga zingati pamwezi kuti zija zisadzandionekere? Anthu amangoti sunga, sunga, koma palibe amene amatchula nambala."

Tidakhala pansi ndi kope ndi foni yowerengera, ndipo nambalayo tidaipeza. Tikulemba pano njira imene tidadutsa, chifukwa msodzi, mlimi wa mpunga ndi mayi woyanika nsomba onse ali m'bwato limodzi ndi iyeyu. Mitengo imene tikutchula ndi ya m'kope mwake pa nthawiyo, ndipo taizungulitsa kuti masamu asavute. Inu muikemo yanu.

Choyamba: mwezi umodzi wa ukalamba umadya zingati?

Iye adafuna kuyamba ndi funso lakuti angakwanitse kusunga zingati. Tidamuuza kuti ayambire kumapeto. Aganize kuti wakalamba lero lino, ali kwawo kunyanja ndi mkazi wake, m'nyumba yawoyawo, ana adakula. Mwezi umodzi ungawadyere zingati pa mitengo ya lero?

Adalemba motere. Chakudya, ndiye kuti chimanga, chigayo, ndiwo, mafuta, mchere, shuga, pamodzi ndi sopo, K85,000. Mankhwala ndi maulendo a kuchipatala, K25,000, pakuti ngakhale chipatala cha boma sichilipiritsa, kabaza amalipiritsa ndipo mankhwala ena umakagula wekha. Nkhuni, foni ndi zovala, K20,000. Sadaka, maliro, alendo ndi kanganyase ka zidzukulu, K20,000. Zonse pamodzi K150,000.

Kenaka tidachotsapo zimene zingadzabwere popanda ndalama yosunga. Kwawo kuli munda ndi kadimba. Nkhalamba siilima ngati mnyamata, koma imakolola ndithu, ndipo tidati zokololazo zingatseke K50,000 pamwezi. Thandizo la ana sitidaliwerengere. Kuthandiza makolo ndi udindo umene Chisilamu chimaika pa mwana, koma iyeyo mwini akudziwa m'mene amavutikira kutumiza kangachepe kwa mayi ake. Ana akadzathandiza, chidzakhala chowonjezera. Mtukula Pakhomo nayenso sitidamuwerengere, chifukwa amafikira mabanja osankhidwa okha, ndipo m'dziko muno mulibe penshoni ya boma ya nkhalamba iliyonse.

Mpata wotsala ndi K100,000. Nambala imeneyi tidaipatsa dzina: mtengo wa mwezi umodzi wa ukalamba. Kuchokera apa, kusunga kwake konse kudasanduka kugula miyezi imeneyi, umodziumodzi, monga m'mene timagulira matumba a chimanga nthawi yokolola kuti tidzadye mu Febuluwale.

Chachiwiri: miyezi ingati yogula, miyezi ingati yogulira?

Tsiku la imfa alidziwa ndi Allah yekha, ndipo masamu awa sakulimbana ndi zimenezo. Koma munthu wokonzekera ulendo amatenga kamba wokwanira ulendo wautali, osati waufupi. Tidagwirizana kuti tiwerengere mpaka zaka 80. Akadzapita msanga, zotsalazo ndi mirasi ya banja lake. Akadzawerengera zaka zochepa n'kukhala nthawi yaitali, njala idzampeza pa msinkhu umene sangathenso kugwira khasu.

Iye adati akufuna kudzasiya ntchito ali ndi zaka 60. Kuyambira 60 kufika 80 ndi zaka 20, kapena miyezi 240. Mwezi uliwonse K100,000, ndiye kuti zonse K24,000,000 pa mitengo ya lero. Atamva nambalayi adaseka, n'kuti, "Amjomba, ndiye basi tisiye." Tidamuuza kuti adikire kaye, pakuti ndalamayo siifunika mawa. Kuyambira zaka 25 kufika 60 ali ndi zaka 35, yomwe ndi miyezi 420. Mukagawa K24,000,000 ndi 420 mupeza pafupifupi K57,000 pamwezi.

Njira yonse ndi yomweyi, ndipo mwana wa sitandade 6 angaichite. Tengani mtengo wa mwezi wa ukalamba, muuchulukitse ndi miyezi imene mudzakhale osagwira ntchito, kenaka mugawe ndi miyezi imene yatsala yogwira ntchito.

Tsono K57,000 ndi yochuluka kapena yochepa kwa iyeyu? Apa mpamene kope lake lidatithandiza. Mnyamatayu amalemba zimene wagula ndi zimene wagulitsa, ndipo tidatha kuwerenga chaka chathunthu. Tidasamala chinthu chimodzi: ndalama imene imadutsa m'manja si malipiro. Tidachotsa kaye mtengo wogulira nsomba, ya galimoto, chiphaso cha mumsika ndi nsomba zowonongeka. Phindu lenileni la chaka chonse lidakwana K2,400,000, ndiye kuti K200,000 pamwezi tikagawa mofanana. Pamenepa K57,000 ndi pafupifupi K29 pa K100 iliyonse imene amapeza. Kwa munthu wolipira lendi ndi kutumiza kumudzi, mtolo umenewu ndi wolemera. Akadauvomera pamaso pathu, akadautula mwezi wachiwiri.

Zingwe zitatu zimene ungakoke

Nambala ikalemera, pali zingwe zitatu zokha zoikokera pansi, ndipo tidayesa chilichonse.

Chingwe choyamba ndi msinkhu wosiyira ntchito. Kugulitsa nsomba pa benchi si kupalasa bwato, munthu wathanzi angathe kufika nako zaka 65. Akatero, miyezi yogula ikutsika kufika pa 180, yomwe ndi K18,000,000, pamene miyezi yosungira ikukwera kufika pa 480. Yankho likukhala K37,500 pamwezi. Zaka zisanu zokha zachotsa pafupifupi K20,000 pa mtolo wa mwezi uliwonse, chifukwa zikugwira ntchito mbali ziwiri: zikuwonjezera nthawi yosunga, zikuchepetsanso nthawi yodya.

Chingwe chomwechi chimakokekanso chammbuyo. Mphwathuyo adafunsa ngati sangayambe ali ndi zaka 35, akakwatira n'kukhazikika. Tidawerengera: kusiya pa 60 atayamba pa 35 ndi miyezi 300 yokha, ndipo K24,000,000 kugawa ndi 300 ndi K80,000 pamwezi, K40 pa K100 iliyonse. Ndipo nthawi imeneyo adzakhala ali ndi ana a sukulu. Adangoti, "Aaa, ndiye bola pano."

Chingwe chachiwiri ndi kuchepetsa mtengo wa mweziwo. Amene adzakalambire m'tauni pa lendi mwezi wake udzakwera mtengo kwambiri kuposa amene ali ndi nyumba ndi munda. N'chifukwa chake munda wa kumudzi si wogulitsa pofuna mpamba. Pa masamu a mphwathuyu, mundawo ukutseka K50,000 pamwezi. Atautaya, mwezi wake ukwera kufika K150,000 ndipo zonse zimene tawerengazi zikwera ndi theka.

Chingwe chachitatu ndi phindu la chuma chosungidwacho. Ngati zimene wasunga zikubereka, sufunika kuika zonse wekha. Tidayerekeza kuti chuma chake chikukula ndi K3 pa K100 iliyonse pachaka pamwamba pa kukwera kwa mitengo, zakaati atapereka kale. Zikatero, ngakhale atasiya pa 60, akufunika kusunga pafupifupi K25,000 yokha pamwezi m'malo mwa K57,000. Kusiyana kwake n'kwakukulu chifukwa phindu la chaka chino nalonso limabereka chaka chamawa, kwa zaka 35.

Koma chingwe chimenechi tidamuchenjeza kuti asachitsamire. Ziwiri zoyambazo zili m'manja mwake, chachitatuchi sichili m'manja mwake. Mbuzi zimafa, alendi amathawa, bizinesi imagwa. Choncho tidagwirizana kuti nambala yake ikhale K40,000 pamwezi, kapena K480,000 pachaka, yomwe ndi K20 pa K100 iliyonse. Imeneyi ikumufikitsa pa 65 ngakhale chumacho chisabereke kanthu pamwamba pa mitengo. Chikabereka, Inshaallah, adzapuma msanga.

Mwezi wa mwera sufanana ndi mwezi wa usipa

Apa mpamene malangizo ambiri a pa wailesi amatisiya ife anthu a kunyanja. Amalankhula ngati aliyense amalandira pa 27. M'kope la mphwathu mudali miyezi inayi yabwino, ya K300,000 umodzi. Mudali isanu yapakati, ya K180,000. Ndipo mudali itatu yowawa, ya K100,000, nthawi imene mwera udatsekereza asodzi pagombe ndi pamene mvula idakana kuti nsomba ziume pa thandala. Ngakhale m'kati mwa mwezi umodzi sabata sizifanana, pakuti mwezi ukawala kumwamba usipa subwera ku nyali.

Moyo wake wa ku Mpingwe, lendi, chakudya, minibasi ndi zotumiza kwa mayi ake, umafuna K130,000 pamwezi asanagule chilichonse chosangalatsa. Ndiye mwezi wa K100,000 sangachotse K40,000. Akadzikakamiza, adzakongola, ndipo ngongole ya katapila ndi riba yeniyeni, yodya zambiri kuposa zimene wasungazo. Akangolephera kawiri, adzati njirayi ndi yabodza n'kuisiya.

Lamulo limene tidapangana ndi ili: chilichonse chimene chapitirira K130,000, theka lake ndi la ukalamba. Mwezi wabwino chapamwamba ndi K170,000, theka lake K85,000. Mwezi wapakati chapamwamba ndi K50,000, theka lake K25,000. Mwezi wowawa sasunga kanthu, ndipo asadzimve kulakwa. Mukaphatikiza miyezi inayi ya K85,000 ndi isanu ya K25,000 mupeza K465,000. Yatsala K15,000 kuti ikwane K480,000, ndipo imeneyo amaiwonjezera kumapeto kwa chaka.

Theka linalo, K465,000, lili ndi ntchito yakenso. Mmenemo muchoka K90,000 yotseka mpata wa miyezi itatu yowawa ija, K30,000 mwezi uliwonse. Muchokanso K15,000 yowonjezera ija. Yotsalayo, K360,000, ndi ya Idi, feteleza wa kumudzi, matenda, maliro ndi kukuza mpamba. Thumba limeneli ndi mpanda wa thumba la ukalamba. Amene alibe thumba la mavuto a chaka chino amathyola la ukalamba pa maliro oyamba.

Poti ndalama zake zimabwera tsiku ndi tsiku, kudikira kutha kwa mwezi n'kudzinamiza, pakuti pofika tsikulo zapita kale. Tidasandutsa lamuloli kukhala la sabata. K130,000 pamwezi ndi chimodzimodzi K30,000 pa sabata. Lachisanu lililonse akachoka ku Swala ya Ijumaa amawerenga phindu la sabatayo, n'kuchotsa K30,000, ndipo theka la chotsalacho amalitumiza tsiku lomwelo ku nambala ina ya Mpamba kapena Airtel Money imene sayenda nayo mumsika. Msodzi angachite zomwezi pa tsiku logawana ndi mwini bwato, mlimi pa tsiku logulitsa mpunga. Kwa mlimi amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka, nambala yofunika ndi ya pachaka ija, ndipo ichoke tsiku lomwelo la malonda.

Nkhani ya Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye, tonse timaidziwa. Tirigu adasungidwa m'zaka zisanu ndi ziwiri za zokolola zambiri, osati m'zaka za chilala. Lamulo la theka likutsata nzeru yomweyo.

Mbava yosathyola chitseko

Masamu onsewa tawachita pa mitengo ya lero, ndipo apa mpamene pali dzenje lalikulu. Kwacha ya lero si kwacha ya mawa. Mu Meyi 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 idagwetsedwanso ndi 44 pa 100. Mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi kupitirira 20 pa 100 pachaka. Aliyense wogula ukonde, injini kapena feteleza adazimva m'thupi.

Tiyerekeze kuti mitengo ikukwera ndi 20 pa 100 chaka chilichonse. K100,000 yobisa m'chitini lero, pakatha chaka igula zinthu zimene lero ndi za K83,000. Pakatha zaka khumi igula za K16,000 zokha. Pepala ndi lomwelo, palibe amene wabapo, koma mwezi wa ukalamba umene udagula wasanduka masiku asanu.

Zimenezi zikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, K40,000 si nambala ya moyo wonse. Chokhazikika ndi gawo lija, K20 pa K100 iliyonse, pakuti mitengo ikakwera nsombanso zimakwera ndipo gawolo limakwera nazo. Chachiwiri, foni ndi chitini ndi podikirira chabe. Ndalama ikaunjikana kwa miyezi ingapo iyenera kusanduka chinthu chimene mtengo wake umayenda limodzi ndi mitengo ya pamsika.

Anzathu ena amathamangira ku chiwongoladzanja cha kubanki kapena ku banki mkhonde kumene ndalama imabwerekedwa ndi phindu. Kwa ife Asilamu imeneyo ndi riba, ndipo khomo limenelo ndi lotseka. Chipereganyu chilibe riba, ndipo ndi chothandiza kuunjika ndalama yogulira chinthu chachikulu, koma chikhale chachifupi, pakuti wolandira pomalizira amalandira ndalama yoti yaguga. Banki ya FDH ili ndi gawo lotsata malamulo a Chisilamu lotchedwa Salama. Amene akufuna kusunga kumeneko afunse mafunso awiri: phindu limagawidwa motani, ndipo chaka chathachi lidaposa kukwera kwa mitengo kapena ayi? Chinthu chikhoza kukhala halali koma n'kumachepabe mphamvu.

Mphwathu adasankha njira imene ambiri a ife timaidziwa. Zaka zoyambirira ndi mbuzi kumudzi, zosungidwa ndi mayi ake pa mgwirizano womveka wa kagawidwe ka ana a mbuzi. Kenaka puloti, kenaka zipinda za lendi. Tidawerengera kuti chipinda ngati chake, cha K25,000 pamwezi, tisachiwerengere miyezi 12 koma 10, chifukwa mlendi amachoka, wina salipira, denga limafuna kukonza. Zipinda zisanu zingabweretse K1,250,000 pachaka, zomwe zikutseka K1,200,000 imene ukalamba wake ukufuna pachaka. Ubwino wa lendi ndi wakuti imakwera mitengo ikakwera, ndipo nyumbayo imatsalira ana.

Koma nazonso zili ndi minga yake. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola nyumba m'mphepete mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe, mu Blantyre momwemo, ndipo mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'nyumba zambiri za pagombe ku Mangochi. Puloti yotchipa pa phompho kapena pafupi ndi madzi si chuma cha ukalamba. Puloti yopanda mapepala ndi mboni imagulitsidwa kawiri. Ndipo kuika zonse mu bwato ndi ukonde, kwa munthu amene malipiro ake amachokera kale ku nsomba, ndi kumanga mbuzi zonse pa chikhomo chimodzi: nyanja ikakana, malipiro ndi chuma chosunga zigwa tsiku limodzi.

Zakaati ilowe m'masamu

Mabuku a zachuma a anthu ena sanena za ichi, koma ife sitingachilumphe. Ndalama yosunga ndi katundu wa malonda zikafika pa nisaabu, womwe ndi mtengo wa golide wolemera pafupifupi magalamu 85 kapena siliva wa magalamu 595, n'kutha chaka, timapereka K2.50 pa K100 iliyonse. Zimenezi ndi chaka chilichonse, pa chuma chonse chosungidwacho, osati pa chimene chawonjezeka chokha.

Zakaati si kuluza, ndi gawo la osauka limene lili m'chuma chathu, ndipo imayeretsa chotsalacho. Koma wowerengera ukalamba ayenera kuidziwa kukula kwake. Munthu akamasunga ndalama yofanana chaka ndi chaka kwa zaka 35, ndalamayo osabereka kanthu, zakaati yokha idzakhala itatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zonse zimene adaika. Ndiye pamene tinati K37,500 ikwana ngakhale chuma chisabereke, tanthauzo lake lenileni ndi lakuti chumacho chiyenera kubereka zokwanira kuthamanga limodzi ndi mitengo ndi kulipira zakaati. Ichi ndi chifukwa chinanso chosagonekera ndalama.

Mtundu wa chuma umasinthanso kawerengedwe. Nyumba ya lendi, malinga ndi ophunzira ambiri, siiperekedwa zakaati pa mtengo wake, koma pa ndalama ya lendi imene yasungika. Bwato ndi ukonde zogwirira ntchito sizilowa. Mbuzi zoweta zodya kubusa zimayamba pa 40, pamene umapereka imodzi, ndipo ng'ombe zimayamba pa 30. Koma mbuzi kapena puloti zogulidwa ndi cholinga chogulitsanso ndi katundu wa malonda. Pa zimenezi aliyense akhale pansi ndi Shehe wa pa mzikiti wake, amufotokozere chuma chake monga chilili ndi cholinga chimene adachigulira.

Nanga akapeza ntchito yolembedwa?

Mnyamata wa ku Limbe lero ali pa benchi, mawa ali m'sitolo kapena m'fakitale. Kuyambira pa lamulo la penshoni la 2011, lomwe lidalowedwa m'malo ndi la 2023, wolemba ntchito amayenera kuika 10 pa 100 ya malipiro a wantchito ku thumba la penshoni, wantchitoyo n'kuika 5. Pa malipiro a K200,000 ndiye kuti K30,000 pamwezi, ndipo K20,000 mwa imeneyo ikuchokera kwa bwana. Pa nambala ya mphwathu ya K40,000, akadatsala ndi K10,000 yokha yosunga payekha.

Tidamuuza zinthu ziwiri. Asamakhulupirire kapepala ka malipiro kokha, azipempha sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo kuti aone ngati ndalama zodulidwazo zikufikadi. Ndipo poti makampani amenewa amaika gawo la ndalama m'ngongole za boma zokhala ndi chiwongoladzanja, afunse Shehe za m'mene angachitire ndi gawo limenelo la phindu. Kwa amene alibe bwana, phunziro lake ndi lakuti magawo onse awiri ali pa mutu pake. N'chifukwa chake K20 pa K100 siyochuluka monga imamvekera.

Sikelo ya chaka ndi chaka

Udziwa bwanji kuti uli panjira? Tidapangana kuti kamodzi pachaka, pa tsiku limene amawerengera zakaati, azichita zinthu zitatu. Alembenso mndandanda uja wa mwezi wa ukalamba pa mitengo ya tsikulo. Awerenge mtengo umene chuma chake chosunga chingagulitsidwe lero, osati umene iye akulakalaka. Kenaka agawe chumacho ndi mtengo wa mweziwo. Yankho lake ndi miyezi ya ukalamba imene wagula kale.

Akufuna miyezi 180 m'zaka 40, ndiye kuti miyezi inayi ndi theka chaka chilichonse. Ali ndi zaka 35 akhale ndi miyezi 45, ali ndi 45 akhale ndi 90. Chaka choyamba, K480,000 kugawa ndi K100,000 ndi pafupifupi miyezi isanu, ndiye ali bwino. Koma tiyerekeze kuti ndalamayo waisiya pa foni, mitengo n'kukwera ndi 20 pa 100. Mwezi wa ukalamba tsopano ndi K120,000, ndipo K480,000 yomwe ija yasanduka miyezi inayi yokha. Pa foni nambala siidasinthe, koma sikelo yaulula kuti pafupifupi mwezi wathunthu wapita. Makwacha akhoza kukunamiza, miyezi siinama.

Sikelo yomweyi imaonetsanso matenda ena. Ngati zaka ziwiri zotsatizana miyezi siikuwonjezeka, pali chimodzi mwa zitatu: thumba la ukalamba likuthyoledwa, kapena K30,000 ya pa sabata ija yakula mwakachetechete chifukwa moyo wakwera, kapena chumacho chili pamalo pamene chikuguga. Ndipo akadzakwatira, ana n'kubwera, chapamwamba chija chidzachepa kwa zaka zingapo. Zimenezo n'zachidziwikire, ndiye chifukwa chake zaka zino zaumbeta ayenera kupitirira miyezi inayi ndi theka, kuti adzakhale ndi podya m'zaka za fizi.

Tisanatsanzike, mphwathuyo adatsegula tsamba latsopano m'kope. Pamwamba adalemba 180. Pansi pake adalemba zimene adali nazo kale, mbuzi ziwiri kumudzi ndi kandalama ka pa foni, ndipo atagawa adapeza miyezi iwiri. Adatiyang'ana n'kuti, "Ndiye kuti ndatsala ndi 178." Tidamuyankha kuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo tidamukumbutsa kuti Lachisanu likubwerali asadzaiwale kuwerenga.

Inu amene muli ndi ana ku Limbe, ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Joni, akadzabwera pa Idi mudzawafunse kuti agula miyezi ingati. Ndipo musanawafunse, tengani kope muwerenge yanu.